Botolo la thobwa likauma gwa: chikulitupitsa n'chiyani, nanga ndi liti pamene simuyenera kulitsegula?

Aliyense wophika thobwa, kaya logulitsa kaya lapakhomo, amalidziwa vutoli. Mumathira thobwa m'mabotolo m'mawa ali ofewa bwinobwino, koma pofika madzulo kapena mawa lake mumapeza ena atauma gwa, ena atafufuma kunsi moti sakuimanso chilili. Mukangoti mupotoze chitsekerero, thobwa limatumphuka mpaka kudenga, theka lonse n'kutayika. Ambiri amangodandaula za thobwa lotayikalo ndi zovala zomwe zada, koma choopsa chenicheni ndi chitsekerero chomwe chimatha kuuluka n'kumenya diso, komanso botolo lagalasi lomwe likaphulika limamwaza zidutswa zocheka. Choncho m'pofunika kudziwa chimene chikuchitika m'botolomo, chifukwa mukachidziwa mumatha kuweruza ndi maso ndi dzanja ngati botololo lingatsegulidwe kapena ayi.

Thobwa ndi chakumwa chamoyo. Mukathira chimera cha mawere kapena cha mapira m'phala lofunda, chimeracho chimasungunula phala n'kusandutsa ufa wake kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasanduka lamadzimadzi ndi lotsekemera ngakhale musanathiremo shuga wa kugolosale. Koma chimera sichibwera chokha. Pa njere zake, m'ndowa, pa mthiko ngakhalenso pakamwa pa botolo losatsukidwa bwino pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina ndi mabakiteriya amene amapatsa thobwa kuwawasa kwake kokoma kuja, ndipo tina ndi yisiti, ya mtundu wofanana ndi yomwe imafufumitsa mandasi. Yisiti ikadya shuga imatulutsa zinthu ziwiri: mowa pang'ono ndi mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi, womwe ndi mpweya umene umachita thovu m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ena mwa mabakiteriya aja nawonso amatulutsa mpweya womwewu. Thobwa likakhala mumtsuko kapena m'ndowa yovundikira ndi nsalu, mpweyawu umangotuluka n'kupita, ndipo mumangomva kuwira pang'onopang'ono. Mukalitsekera m'botolo lothina, tizilombo tija sitisiya ntchito. Timapitiriza kudya, koma mpweya ulibenso kolowera.

Chimene chimadabwitsa anthu ndi kuchepa kwa shuga amene amafunika kuti botolo liume. Shuga akadyedwa ndi yisiti, pafupifupi theka la kulemera kwake limasanduka mpweya. Supuni imodzi yaing'ono ya shuga imalemera magalamu 4, ndiye imatulutsa magalamu 2 a mpweya, ndipo magalamu 2 amenewa atati amasulidwe angadzaze botolo la lita imodzi. Ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kangatulutse mpweya wokwanira mabotolo awiri a mamililita 500, wonsewo n'kupanikizidwa m'botolo limodzi lomwe ladzaza kale thobwa.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa thobwa pamsika m'mwezi wa Okutobala. Waphika ndowa ya malita 20, wathiramo shuga kilogalamu imodzi, ndipo wadzaza mabotolo 40 a mamililita 500. Botolo lililonse lalandira magalamu 25 a shuga wothira, osawerengera shuga uja wochokera ku chimera. Tsikulo agulitsa mabotolo 30, ndipo 10 abwerera kunyumba m'kulabokosi momwe ayezi wasungunuka kalekale. Usiku magetsi azima, firiji sikugwira ntchito, ndipo mabotolowo agona m'nyumba yamalata yomwe yatentha tsiku lonse. Sikuti yisiti iyenera kumaliza shuga yense kuti zinthu ziipe. Ikangodya magalamu 6 okha mwa 25 aja, m'botolomo mwapangika kale magalamu 3 a mpweya, omwe ndi oposa lita imodzi ndi theka. Kukutentha madigiri 30, mpweya wochuluka choncho umakankha khoma la botolo ndi mphamvu yowirikiza pafupifupi kawiri mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Ndipo magalamu 19 a shuga akadali momwemo, kudikira kudyedwa. Thobwalo mukalilawa likadali lotsekemera ndithu, n'chifukwa chake wophika amakana kuti silinasase. Kutsekemerako sikutanthauza kuti m'botolo muli mtendere. Kukungosonyeza kuti yisiti ikadali ndi chakudya chambiri, ndipo botololo lipitiriza kuuma ola lililonse.

Kutentha kumawonjezera vutoli m'njira ziwiri, ndipo yachiwiriyi ndi imene anthu saidziwa. Yoyamba ndi yoti yisiti imagwira ntchito mwachangu kukafunda, makamaka pakati pa madigiri 25 ndi 35, pamene m'firiji imangochita ulesi osafa. Ndiye thobwa lomwe m'mwezi wa Juni ku Dedza lingakhale masiku awiri osavuta, ku Nsanje kapena ku Salima mu Novembala likhoza kuumitsa botolo tsiku lisanathe. Njira yachiwiri ndi yoti mpweyawu umabisala m'madzi ozizira, koma madzi akatentha umatulukamo. Botolo likakhala lozizira, mpweya wambiri umakhala utasungunuka m'thobwamo ndipo sukankha kwambiri. Likatentha, mpweya womwewo umathawa m'thobwa n'kudzazana m'kamalo kaja kapansi pa chitsekerero. Botolo limodzimodzi, la mpweya wofanana, limakankha ndi mphamvu yowirikiza pafupifupi kawiri likakhala pa madigiri 30 poyerekeza ndi pamene lili pa madigiri 5. Apa ndi pamene pagona chitetezo chanu chachikulu: botolo lotupa likazizira, mphamvu yake imatsika ndi theka musanalikhudze n'komwe chitsekerero.

Palinso chifukwa chimene thobwa limatumphukira kuposa zakumwa za m'sitolo. Thobwa lili ndi timisere ta ufa ndi ta chimera, ndipo kamsere kalikonse kamakhala poyambira thovu. Mukatsegula mwadzidzidzi, thovu limabadwa m'botolo monse nthawi imodzi, makamaka pansi pomwe padikha masese, ndipo poti thobwa ndi lolemera, thovulo silisweka msanga koma limanyamula thobwa lonse n'kutuluka nalo. Chizolowezi chathu chokhutchumula botolo la thobwa tisanamwe n'chabwino ku botolo lofewa. Ku botolo louma, kukhutchumula ndiye kuitana ngozi.

Kuweruza botolo musanalitsegule

Yambani ndi maso, dzanja libwere pambuyo. Imani chapatali pang'ono muone kaimidwe ka botolo. Mabotolo apulasitiki a zakumwa zathovu ali ndi timiyendo tisanu kunsi kwake, ndipo anapangidwira kupirira mpweya. Ngati timiyendoto tikadali bwino ndipo botolo laima mowongoka, muligwire m'mimba n'kufinya ndi chala chachikulu. Likamalowa mosavuta, mulibe mpweya wambiri ndipo mukhoza kutsegula monga mwa masiku onse. Likamalowa pang'ono mutachita kukanikiza ndi mphamvu, mpweya ulimo wofanana ndi wa chakumwa chosatsegula cha m'sitolo, ndipo liyenera kuyamba lazizira. Likakhala kuti silikulowa ngakhale pang'ono, muliike pansi mofatsa ndipo mulitenge ngati botolo loopsa.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka simufunikanso kufinya. Chachikulu ndi kunsi kofufuma: botolo likugwedera, lapendekeka kapena likugwa lokha chifukwa pakati pa timiyendo paja patuluka kunja. Zikatero pulasitiki yatambasuka kupitirira muyeso wake, ndipo siibwereranso. Onaninso ngati pali timizere toyera tonga ming'alu kunsi kapena m'khosi, chifukwa pamenepo ndi pamene botolo limang'ambikira. Chitsekerero chikatukuka pamwamba m'malo mokhala chafulati, kapena chikapendekera mbali imodzi, ndiye kuti chatsala pang'ono kusiya mizere yake n'kuuluka. Pepala lomata pa botolo likakokeka mpaka kung'ambika, kapena thobwa likaoneka ngati latsika pamene palibe amene wamwako, ndiye kuti mimba ya botolo yakula. Botolo lililonse la zizindikiro zimenezi musalitsegule ndi manja pamene lili lofunda, musalinyamule pafupi ndi nkhope, ndipo musatume mwana kuti akalitaye.

Mabotolo a madzi akumwa, a mafuta ophikira ndi a zakumwa zosungunula ndi madzi ndi nkhani ina. Pulasitiki yake ndi yopyapyala ndipo sanapangidwire mpweya, choncho amafufuma msanga n'kukhala ozungulira. Ubwino wake ndi woti amakuchenjezani mofulumira, koma kuipa kwake ndi koti amang'ambikanso mofulumira, ndipo zitsekerero zake zili ndi mizere yochepa moti zimafwamphuka mosavuta. Zigubu za malita 5 ndiye zimavuta koposa, chifukwa khoma lake ndi lalikulu ndipo chitsekerero n'chotakata, choncho mphamvu yokankha chitsekererocho imakhala yaikulu.

Za galasi ndinena mosapita m'mbali: thobwa, vinyo wa nthochi, chakumwa cha jinja kapena china chilichonse chimene chikuwirabe chisatsekeredwe m'botolo lagalasi pakhomo. Galasi silifufuma, silifinyika, silipereka chizindikiro chilichonse. Limaoneka chimodzimodzi kuyambira pamene mwalitseka kufikira pamene laphulika. Mabotolo a ngodya zinayi, mabotolo opyapyala a vinyo wamba ndi ena alionse okandika kapena obenthuka pakamwa ndi amene amasweka msanga. Ngati mwapeza botolo lagalasi la chakumwa chotsekemera lomwe lakhala lotseka malo ofunda kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, mulitenge ngati loopsa ngakhale likuoneka labwino. Ndipo ngati limodzi laphulika kale, anzake onse a mphika womwewo ali pafupi kutero.

Kutsegula botolo louma koma losapunduka

Botolo lapulasitiki louma, lomwe kunsi kwake ndi chitsekerero chake zikadali bwino, lingatsegulidwe, koma pamafunika kudekha. Liikeni chilili m'firiji kwa maola osachepera 6, ndipo usiku wonse ndi bwino koposa. Ngati firiji palibe, liimikeni m'ndowa ya madzi ozizira pamthunzi, muzisintha madziwo akafunda, kenako mulitsegule m'mamawa kusanatenthe. Musaliike m'firiza kuti liundane. Madzi akaundana amafufuma, komanso amakankhira kunja mpweya umene unasungunukamo, moti botolo lomwe linali lotupa kale likhoza kung'ambikira momwemo.

Likazizira tulukani nalo panja, osalikhutchumula kapena kuligoneka. Liimikeni m'beseni pansi, ana ndi ziweto zili kutali. Phimbani chitsekerero ndi thawulo kapena chitenje chopinda kangapo, ikani chikhatho pamwamba pake, ndipo kamwa la botolo lilozetseni kumbali, nkhope yanu isakhale pamwamba pake. Potozani pang'ono kwambiri, mongokwanira kuti mumve kuti psii, ndiye muime pomwepo. Mukaona thovu likukwera m'khosi, tsekaninso ndipo mudikire litsike. Bwerezani zimenezi kangapo, ngakhale zitenge mphindi 10 kapena kuposa. Mukayang'ana pakamwa pa botolo la chakumwa chathovu muona kuti mizere yake ndi yodukizadukiza. Mipata imeneyo inaikidwa dala kuti mpweya uzitulukiramo chitsekerero chikadali chogwira. Wopotoza kamodzi n'kamodzi mpaka kumapeto amaidumpha mipatayo, ndipo chitsekerero chimachoka mphamvu yonse ikadali kumbuyo kwake.

Chitsekerero chikakana kupotoka, musachilume ndi mano. Ambirife tinazolowera kutsegula mabotolo ndi mano, koma pa botolo lotupa kutero ndi kulozetsa chitsekerero kukhosi ndi kumaso kwanu. Musachimenyenso ndi mpeni kapena kuchipana ndi pulayala, chifukwa chikapindika chimasiya mizere yake nthawi imodzi. Kukana kwakeko kumachitika chifukwa mpweya ukuchikankha mwamphamvu kuchokera m'kati, ndiye libwezereni m'madzi ozizira.

Botolo lopunduka ndi lagalasi

Apa cholinga sichikhalanso kupulumutsa thobwa. Choyamba chotsani anthu pamalopo. Ponyani bulangeti kapena chiguduli chokhuthala pamwamba pa botolo musanalikhudze, kuti likaphulika zidutswa zikodwe m'nsaluyo. Ngati lili padzuwa, litchingireni mthunzi pomwepo ndipo mulisiye mpaka usiku kapena m'mamawa. Botolo lagalasi lotentha musalithire madzi ozizira kwambiri mwadzidzidzi, chifukwa kusintha kwa kutentha kokhako kumatha kuswa galasi. Lisiyeni lizizire lokha kaye.

Likazizira, valani malaya a manja aatali, magolovesi okhuthala ndi magalasi oteteza maso ngati a amisiri a matabwa kapena owotcherera zitsulo. Linyamuleni lili lokulungidwa m'bulangetimo, kutali ndi thupi, n'kuliika m'ndowa yolimba kapena m'mgolo wa madzi ozizira, n'kuvundikira. Lapulasitiki mukhoza kuliyesa kumasula pang'ono pakatha maola angapo, likadali m'ndowa momwemo ndiponso lophimbidwa. Musaliboole ndi msomali kapena mpeni, chifukwa pulasitiki yokokeka ikabooka imang'ambika yonse. Lagalasi lokhala ndi chitsekerero chachitsulo chopanikiza, chomwe sichimasuka pang'onopang'ono, ndi bwino kuliika m'dzenje lakuya lili lokulungidwa n'kulikwirira ndi dothi lambiri pamalo posalimidwa. Musalitaye kudzala poyera pomwe ana amatola mabotolo, ndipo musaliponye pamoto.

Zikavuta, chitsekerero kapena galasi n'kumenya diso, munthuyo asalitikite, ndipo musayese kuchotsa chimene chalowamo. Phimbani disolo ndi kapu yoyera kapena chinthu china chosalikanikiza, ndipo pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akunena kuti akuona bwino, chifukwa magazi amatha kutuluka m'kati mwa diso kunja kukuoneka kwabwino.

Kodi thobwa lotuluka m'botolo lotupa n'lomweka?

Kutupa pakokha sikutanthauza poizoni. Ngati thobwalo likununkhira thobwa, likuwawasa ndipo likulasa lilime ndi thovu, ndi thobwa lomwe lapitirira n'kuyamba ulendo wopita ku mowa wamasese. Pa chitsanzo chija cha magalamu 6 a shuga, mowa umene wapangika sufika gawo limodzi pa magawo 100. Ndi wochepa, koma umakwera tsiku ndi tsiku, ndipo wogulitsa woona mtima sapereka thobwa lotero kwa ana, kwa amayi oyembekezera kapena kwa anthu amene chipembedzo chawo chimaletsa mowa. Koma thobwa likamanunkha chowola, likamanyululuka ngati therere, likamera nkhungu pamwamba, kapena likatupitsa botolo koma losawawasa n'komwe, litayeni osalawa kawiri. Kuwawasa kuja ndi kumene kumaletsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana. Mpweya wopezeka m'thobwa losawawasa ukhoza kukhala wochokera ku tizilombo ta m'madzi akuda kapena m'manja osasamba, tomwe timatsegula m'mimba.

Kuti vutoli lisamabwerezeke

Ngati mabotolo anu akutupa sabata iliyonse, kafukufuku ayambire pa kuwiritsa kwachiwiri. Chimera chikagwira ntchito yake ndipo thobwa lafika pa kukoma kumene mukufuna, libwezereni pamoto liwire ndithu mukutakasa. Yisiti imafa kutentha kukapitirira madigiri 60, ndipo kuwiraku kumaimitsanso chimera kuti chisapitirize kupanga shuga. Shuga wa kugolosale muthireni thobwa likadali pamoto kuti naye awire. Amene amathira chimera china chosaphika pambuyo powiritsa pofuna kukometsa, kapena kusungunula thobwa ndi madzi osawiritsa, amakhala akubwezeramo tizilombo tomwe angotipha kumene.

Kuwiritsa kumapha yisiti koma sikuchotsa shuga, choncho thobwa lowiritsa likalowa m'botolo lakuda limayambiranso kuwira. Yisiti imabisala m'mizere ya pakamwa, m'kati mwa chitsekerero ndi m'timiyendo ta kunsi momwe mumakanirira masese. Kutsukuluza ndi madzi okha sikuichotsa. Pamafunika sopo, burashi yofika pansi, kenako kutsukuluza ndi madzi othira kolorini ndi kuyanika mabotolo chozondoka. Madzi owira musathire m'botolo lapulasitiki, ndiponso musathiremo thobwa lotentha, chifukwa pulasitiki imeneyi imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, ndipo botolo lokwinyika ndi moto silipiriranso mpweya. Ndowa, sefa, fanulo ndi kapu yotungira zitsukidwe chimodzimodzi. Thobwa ladzulo musaliphatikize ndi latsopano, chifukwa ladzulolo ladzaza yisiti yamphamvu yomwe imayamba kudya nthawi yomweyo.

Pothira, siyani mpata wa zala zitatu kukhosi, ndipo musanamange chitsekerero finyani botolo pang'ono kuti likhale lophwatalala m'mbali. Likadzabwerera palokha n'kukhala lozungulira, mwadziwa kuti mpweya wayamba, nthawi ikadalipo yolimasula kapena kulimwa. Thirani m'mabotolo thobwa lokhalo limene litha tsiku lomwelo, lotsalalo likhale m'ndowa yovundikira mosathina. Opanga Chibuku cha m'mapaketi amasiya kabowo pamwamba pa paketi pa chifukwa chomwechi, poti mowawo umakhala ukuwirabe pamene ukugulitsidwa. Mabotolo obwerera kumsika, ngati magetsi ndi osadalirika, amasuleni zitsekerero madzulo omwewo ndipo agone ali omasula, mudzamange m'mawa ponyamuka. Botolo limene linafufumapo kunsi kamodzi lisagwirenso ntchito ya thobwa, ngakhale litaoneka ngati labwerera mwakale.